Musanadine batani lofiira: imelo yopempha kujambula mawu a mphunzitsi

Kujambula phunziro lonse la maola awiri pa foni masiku ano n'kosavuta. Munthu amangodina kabatani kofiira, n'kuika foniyo chafufumimba pa desiki, ndipo palibe amene angadziwe. M'zipinda zophunzirira za ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Blantyre muli ophunzira amene amachita zimenezi, ndipo ambiri sachita ndi mtima woipa. Chipinda chadzaza, mphunzitsi akuyankhula Chingerezi chothamanga, dzanja lalema ndi kulemba, ndiye foni ikuthandiza. Komabe mawu amene alowa m'fonimo si a mwini foni, ndipo njira yabwino ndi kuyamba wapempha, makamaka polemba. Kapemphedwe kake n'kamene kamavuta. Wophunzira amataya mizere khumi kufotokoza chifukwa chimene akufunira kujambula, pomwe mphunzitsi akuyembekezera kumva china: fayiloyo ikakhala kuti, adzaimvera ndani, ndipo idzafufutidwa liti.

Nkhawa ya mphunzitsi ili ndi mbiri yake m'dziko muno. Mu Febuluwale 2011 a Blessings Chinsinga, amene ankaphunzitsa za ndale ku Chancellor College, adaitanidwa ndi mkulu wa apolisi wa nthawi imeneyo, a Peter Mukhito, kuti akafotokoze za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi. Chitsanzocho chinkakhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno kwathu komanso zipolowe zimene zidagwetsa maboma ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi adanyanyala ntchito, akufuna chitsimikizo chakuti m'kalasi simukhala akazitape, ndipo mkanganowo udakoka mpaka mu Okutobala chaka chomwecho. Aphunzitsi ambiri a lero adaona zimenezi ndi maso awo, ena ali ophunzira, ena ali kale pa ntchito. Choncho akaona foni ikujambula, chimene chimabwera m'maganizo mwawo ndi chiganizo chimodzi chodulidwa pakati pa phunziro, chikuyenda m'magulu a WhatsApp popanda zimene zidanenedwa kumayambiriro ndi kumapeto kwake.

Palinso malamulo. Phunziro loyankhulidwa pakamwa limawerengedwa ngati ntchito ya luso yokhala ndi mwini wake, monga buku. Pangano la ku Berne, limene Malawi adalowamo mu 1991, limatchula maphunziro oyankhulidwa pamodzi ndi maulaliki pa mndandanda wa ntchito zotetezedwa, ndipo kuno kwathu nkhani zoterezi zili pansi pa lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Mu 2024 tidakhalanso ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Mfundo zake zikuluzikulu n'zosavuta kumva: uthenga wa munthu utengedwe pa chifukwa chodziwika, ugwiritsidwe ntchito pa chifukwa chomwecho, usungidwe motetezeka, ndipo usasungidwe kupitirira nthawi imene ukufunika. Wophunzira sayenera kutchula malamulowa m'kalata yake, chifukwa ingamveke ngati samani. Koma imelo yabwino imayankha mfundo zinayi zimenezi popanda kuzitchula.

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri amene saona bwino. Zolembedwa pa bolodi amaziona ngati nkhungu ngakhale atakhala kutsogolo, ndipo akamalemba amayandikizitsa kope kumaso, motero amatsalira. Kosi imene ikumuvuta ndi ya ndale. Imaphunzitsidwa maola awiri Lolemba ndi ola limodzi Lachinayi, kwa masabata 14. Ali ndi foni ya Android ndi laputopu yakale, ndipo amagona chipinda chimodzi ndi anzake atatu. Ku yunivesite imelo yotere kawirikawiri imalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi zomwezi. Pa mzere wa mutu walemba dzina la kosi ndi mawu akuti “pempho lojambula mawu a phunziro”, ndipo watumiza kuchokera ku adiresi imene sukulu idamupatsa. Kalatayo ikuti:

“Zikomo a Dokotala,

“Ndine wophunzira wanu wa chaka chachiwiri pa kosi ya ndale imene mumaphunzitsa Lolemba ndi Lachinayi. Ndikupempha chilolezo chojambula mawu a maphunziro anu semesita ino. Ndili ndi vuto la maso limene limandichedwetsa polemba, ndipo ofesi yothandiza ophunzira aulumali ikudziwa za ine.

“Ndizijambula mawu okha, osati kanema, pa foni yanga imene ndiziika pa desiki lakutsogolo poonekera. Ndiziimitsa nthawi ya mafunso ndi zokambirana, komanso nthawi iliyonse imene munganene kuti ndiimitse.

“Tsiku lomwelo madzulo ndizisamutsira fayiloyo pa laputopu yanga, imene ili ndi pasiwedi yodziwa ine ndekha, n'kuifufuta m'foni. Kope lachiwiri lizikhala mu Google Drive ya akaunti yanga ya sukulu, m'foda yosatsegulidwa kwa wina aliyense. Ndizimvera ndekha pokonza manotsi ndi pokonzekera mayeso. Sinditumiza kwa mnzanga, pa WhatsApp kapena pena paliponse, ndipo ndikafuna kutchula mawu anu mu asayimenti ndidzayamba ndakufunsani.

“Ndidzafufuta zonse pasanathe masabata awiri zotsatira za kosiyi zitatuluka, kapena nditalemba sapu ngati ndingadzalembe, ndipo ndidzakudziwitsani. Foni kapena laputopu itatayika ndidzakuuzani tsiku lomwelo.

“Ngati pali zimene mungafune zisinthidwe, kapena pali fomu ya dipatimenti yoti ndisayine, ndine wokonzeka. Sindiyamba kujambula mpaka nditamva kuchokera kwa inu.

“Ine wophunzira wanu,”

Pansi pake waika dzina lake lonse ndi nambala yake ya kalembera.

Kalatayi ndi yaifupi, ndipo mphunzitsi angaiwerenge pa foni ali m'khonde. Chifukwa chopemphera chatenga mzere umodzi wokha. Mtsikanayu sadatchule dzina la matenda ake kapena kuphatikiza kalata ya kuchipatala, ndipo wachita bwino. Za umoyo wa munthu ndi chinsinsi chake, ndipo imelo ikatumizidwa imatha kupititsidwa kwa mkulu wa dipatimenti ndi kwa mlembi. N'kokwanira kunena chimene vutolo limachita m'kalasi, n'kuloza ofesi imene ingatsimikize. Amene alibe ulumali nayenso anene chifukwa chake choona mwachidule, kaya ndi Chingerezi chothamanga kapena phokoso la m'chipinda chodzaza. Chifukwa chopeka chimaululika msanga, ndipo chikaululika chimawonongera ena amene akufunadi thandizo.

Mbali imene ili ndi ntchito yaikulu ndi ya kasungidwe. Apa m'pamene ophunzira ambiri amalonjeza zimene foni zawo sizichita. Munthu amalemba kuti “fayilo izikhala m'foni mwanga mokha” asadaone n'komwe kuti foniyo imatumiza yokha makope kwina. Pa iPhone, pulogalamu ya Voice Memos imatha kutumiza zojambulidwa ku iCloud, ndipo zimaonekera pa chipangizo chilichonse chogwiritsa ntchito akaunti yomweyo. Ngati foniyo adakupatsani achimwene anu ndipo akaunti yawo ikadalimo, phunziro la Lolemba likafika kwa iwo. Pa Android zimasiyana malinga ndi mtundu wa foni, ndiye munthu atsegule zosankha za pulogalamu yojambulira ndi za akaunti, aone ngati kusunga makope pa intaneti n'koyatsidwa. Izi zichitike kalata isadalembedwe, kuti zolembedwazo zikhale zoona.

Kenako pali masamu a malo. Mawu a munthu woyankhula safuna fayilo yolemera. Pulogalamu ikaikidwa pa 64 kbps, ola limodzi limadya pafupifupi 29 MB, ndipo mawu amamveka bwinobwino. Maola atatu pa sabata kwa masabata 14 ndi maola 42, ndiye kosi yonse ya mtsikana wathu ikwana pafupifupi 1.2 GB. Akasankha 128 kbps, kukulako kuwirikiza kawiri. Akasankha mtundu wa WAV, umene supanikiza mawu, ola limodzi lipitirira 300 MB ndipo semesita yonse idutsa 13 GB. Akaunti yaulere ya Google imapereka 15 GB, ndipo malo amenewo amagawidwa pakati pa maimelo, zithunzi ndi mafayilo. Masamuwa ali ndi tanthauzo pa lonjezo lija. Foni ikadzaza pakati pa semesita, mwini wake amayamba kukankhira mafayilo paliponse pamene papezeka malo: pa fulashi ya mnzake, pa kompyuta ya mu laibulale, pa memole khadi yobwereka. Amene wawerengeratu malo safika pamenepo. Bandulo nayonso iwerengedwe, chifukwa kukweza 87 MB sabata iliyonse n'kotheka pa intaneti ya sukulu, koma kukweza mafayilo a WAV ndi ndalama za m'thumba kumalephereka sabata yachiwiri.

N'chifukwa chakenso kalatayo ikuti mawu okha. Kanema amadya malo ochuluka kwambiri, amaonetsa nkhope za anthu amene sadafunsidwe, ndipo amajambula zithunzi za pa bolodi zimene mwina mphunzitsi adazitenga m'mabuku a eni ake kuti azionetse m'kalasi mokha. Pempho la kanema ndi lolemera, ndipo kulikana n'kosavuta. Mtsikana wosaona bwino angapindule kwambiri atapempha kuti mphunzitsi azimutumizira zoonetsa pa bolodizo phunziro lisadayambe, kuti azizikulitsa pa laputopu.

Ine ndimaona kuti chiganizo chofunika kwambiri m'kalata yonse ndi chakuti fayilo izichoka m'foni tsiku lomwelo. Foni ndi chinthu choyendayenda. Imabwerekedwa kwa mnzako amene mayunitsi amuthera, imasiyidwa pa chaja m'chipinda cha anthu anayi, imabedwa m'minibasi, ndipo galasi likasweka imagona kwa wokonza mafoni kumsika, amene nthawi zambiri amapempha nambala yotsegulira kuti ayese ngati yakonzeka. Memole khadi ndiye yoopsa kwambiri. Loko wa pa foni saiteteza: wina akaisolola n'kuiika m'foni ina, zonse zimatseguka, pokhapokha mwini wake atasankha kuibisa ndi makiyi a foniyo, zimene ambiri sachita. Choncho zojambulidwa zisungidwe m'kati mwa foni, osati pa khadi, ndipo madzulo zipite pa laputopu kudzera pa chingwe. Kudzitumizira wekha pa WhatsApp kumaoneka kwachidule, koma kumachulukitsa makope. Fayilo imatsala m'foda ya WhatsApp, imalowa m'kope limene pulogalamuyo imasunga pa intaneti, ndipo chala chikaterereka kamodzi imakagwera pa gulu la kalasi. Imelo nayo siithandiza, chifukwa Gmail salola fayilo yoposa 25 MB, ndipo ikaposa amaiika mu Google Drive n'kutumiza linki m'malo mwake.

Mu Google Drive momwemo muli malo amodzi oyenera kuwayang'ana. Munthu akadina Share pa foda, pansi pamakhala mawu osonyeza amene angaitsegule. Pakalembedwa Restricted, ndiye kuti angatsegule ndi mwini wake ndi okhawo amene waatchula. Pakalembedwa Anyone with the link, aliyense amene linkiyo yamufika angamvere ndi kutsitsa fayilo. Pa akaunti za sukulu pamathanso kukhala chosankha chachitatu chotsegulira aliyense wa pa sukulupo, ndipo chimenechi chimanyenga chifukwa chimaoneka ngati chotseka. Mtsikana wathu aone kuti palembedwa Restricted ndipo pa mndandanda wa anthu pali dzina lake lokha. Aziperekanso maina omveka ku mafayilo, monga `2025-03-10_ndale_sabata03.m4a`, chifukwa tsiku lofufuta likadzafika, mafayilo otchedwa ndi manambala okha amasakanikirana ndi nyimbo za kwaya ndi mauthenga a kumudzi, ndipo ena amatsala.

Tsopano za anzake a m'kalasi, amene kawirikawiri amaiwalika. Mphunzitsi angavomere za mawu ake, koma sangavomere m'malo mwa mnyamata wakumbuyo amene wafunsa funso losonyeza chipani chimene amachikonda, kapena mtsikana amene pa zokambirana wafotokoza za nkhanza zimene zidachitika kwawo. M'makosi a unamwino, udokotala, zamalamulo ndi za chisamaliro cha anthu, mphunzitsi amathanso kufotokoza nkhani ya wodwala kapena mlandu weniweni, ndipo m'midzi mwathu munthu amazindikirika ngakhale dzina litabisidwa. Ichi ndicho chifukwa cha lonjezo loimitsa pa nthawi ya mafunso. Kunena zoona, lonjezoli ndi lovuta kulisunga, pakuti mafunso amabwera mwadzidzidzi, ndipo chala chikamafika pa batani theka la funso lalowa kale. Njira yothandiza ndi kugwirizana ndi mphunzitsi kuti tsiku loyamba anene kuti m'kalasi muno muli kujambula kololedwa, popanda kutchula dzina la wojambulayo kapena chifukwa chake, ndiponso kuti azinena yekha pamene akutsegula zokambirana. Foni yokhala pa desiki lakutsogolo, pafupi ndi mphunzitsi, imagwira mawu ake bwino ndipo a anthu akumbuyo amamveka patalipatali. Malo amenewa amathandiza mbali zonse ziwiri.

Mayeso enieni a lonjezoli sabwera kuchokera kwa akuba, koma kwa mnzake wapamtima. Lolemba lina mnzakeyo adapita ku maliro kumudzi, wabwerera Lachitatu, ndipo akuti, “Aise, unditumizireko ka Lolemba kaja, ndingomvera kamodzi.” Kukana munthu wotuluka m'maliro n'kowawa, ndipo mwa chikhalidwe chathu kumaoneka ngati umbombo. Koma fayilo ya mawu ili ngati mchere wothiridwa m'ndiwo, sungautolenso. Mnzakeyo adzatumizira wina amenenso adajomba, winayo adzapatsa mtsogoleri wa kalasi kuti athandize onse, ndipo pakutha pa sabata fayilo ija idzabwerera kwa mwini wake ili ndi chizindikiro cha Forwarded many times, chimene WhatsApp amaika pa uthenga umene wadutsa m'manja ambiri motsatizana. Batani la Delete for everyone limagwira ntchito kwa masiku awiri okha kapena kupitirira pang'ono, ndipo silifika pa makope amene ena adatumiza kale kwina. Chimene mtsikanayu angachite ndi kumupatsa mnzakeyo manotsi amene adalemba atamvera, chifukwa amenewo ndi ntchito yake, kapena kulembera mphunzitsi mzere umodzi wopempha kuti mnzakeyo amvere pa laputopu yake iye ali pomwepo. Aphunzitsi ambiri sangakane pempho lotere. Chimene chimawapweteka ndi kumva mawu awo akutuluka m'foni ya munthu amene sadamupatse chilolezo.

Tsiku lofufuta nalo lidasankhidwa mosamala. Ophunzira ena, pofuna kukondweretsa mphunzitsi, amalonjeza kufufuta tsiku limene alemba mayeso. Kenako zotsatira zimatuluka, apezeka kuti alemba sapu, ndipo amakhala pakati pa ziwiri: adafufutadi ndipo alibe pogwira, kapena sadafufute ndipo adanama. Ena amangoti “ndidzafufuta ndikadzathana nazo”, mawu amene alibe tsiku ndipo mphunzitsi sangawadalire. Kumangirira tsikulo pa kutuluka kwa zotsatira ndi pa sapu kumapereka malire amene onse awiri angawaone pa kalendala ya sukulu.

Nanga yankho likachedwa? Mphunzitsi wa kalasi ya anthu mazana amalandira maimelo ambiri, ndipo ina imakwiririka. Kukhala chete kwake si kuvomera. Imelo itumizidwe sabata imodzi maphunziro asadayambe ngati n'kotheka, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi a ntchito, wophunzira apite ku ofesi kapena adikire pakhomo phunziro likatha, anene mwaulemu kuti adatumiza pempho. Nthawi zambiri yankho limabwera pomwepo: “Palibe vuto, uzijambula.” Mawu apakamwa amenewa ndi abwino koma amaiwalika, ndipo mphunzitsi amathanso kusinthidwa pakati pa semesita. Madzulo omwewo wophunzira ayankhe pa imelo yake yomwe ija, athokoze, alembe kuti monga tidakambirana lero, ayamba kujambula Lolemba motsatira zimene adalemba. Akatero pali umboni wa tsiku ndi wa zimene adagwirizana. Chilolezocho n'cha mphunzitsi ameneyo pa kosi imeneyo. Pakabwera mlendo wodzaphunzitsa tsiku limodzi, kapena wothandizira amene amachititsa timagulu, ameneyo afunsidwe payekha.

Yankho likhozanso kukhala lakuti ayi, ndipo mphunzitsi ali ndi zifukwa zomveka zokanira. Mwina akuphunzitsa za kafukufuku wake amene sadasindikizidwe, mwina adapwetekedwapo kale, mwina akuopa kuti anthu asiya kubwera m'kalasi. Wophunzira amene alibe ulumali alandire yankholo, n'kupempha zina monga manotsi kapena nthawi yokafunsa ku ofesi. Kujambula mobisa atakanizidwa n'koipa kuposa kusapempha n'komwe, chifukwa imelo yake yomwe idzakhala umboni wakuti ankadziwa. Kwa mtsikana wathu nkhani ndi yosiyanako. Malawi adavomereza mu 2009 pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene pa gawo 24 limafuna kuti sukulu zizisintha zinthu moyenera kuti wophunzira waulumali aphunzire mofanana ndi anzake, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2024, limene lidalowa m'malo mwa la 2012, likuyenda m'njira yomweyo. Izi sizikutanthauza kuti akakangane ndi mphunzitsi. Apite ku ofesi yothandiza ophunzira aulumali kapena kwa mkulu woona za ophunzira, kuti iwo akambirane ndi dipatimenti. Pamenepo pangatuluke chilolezo chokhala ndi malire, kapena njira ina yofanana nacho mphamvu, monga munthu womulembera manotsi. Kalata yake yoyamba ija idzamuthandiza kwambiri pa zokambiranazo, chifukwa ikuonetsa kuti adaganizira kale nkhawa za mphunzitsi.

Chilolezo chikapezeka, pali tizinthu tating'ono timene timawononga tsiku loyamba. Foni ikalira pakati pa phunziro, mapulogalamu ambiri amaimitsa kujambula, ndipo ena sayambiranso okha, choncho iziikidwa pa Airplane mode. Mafoni ena amatseka pulogalamu imene ikugwira ntchito galasi litazima pofuna kusunga batire, ndipo munthu amadzapeza mphindi khumi zokha m'malo mwa maola awiri. Njira yodziwira ndi kuyesa kunyumba: kujambula wailesi kwa theka la ola galasi lili lozima, n'kuona kutalika kwa fayilo. Foni isagone pa desiki limene munthu akulemberapo popanda kansalu pansi pake, apo ayi chimene chidzamveke ndi kukanda kwa bolopeni. Ndipo pali malire amene chipangizo sichingachotse: phunziro la maola awiri limafuna nthawi yaitali kulimvera. Amene wasunga maola 42 kuti adzamvere sabata ya mayeso sadzamaliza. Mtsikana wathu azilembabe m'kalasi mmene angathere, ndipo pamene watsalira aziika kachizindikiro ndi nthawi, monga mphindi 47, kuti madzulo azingopita pamalo amenewo.

Laputopu kapena foni ikabedwa fayilo ili momwemo, lonjezo lodziwitsa mphunzitsi tsiku lomwelo lisungidwe, ngakhale kuti n'lochititsa manyazi. Imeloyo inene mafayilo angati adalimo, a masiku ati, komanso ngati chipangizocho chidali chokiya. Asinthe pasiwedi ya akaunti yake nthawi yomweyo, n'kuchotsa chipangizo chobedwacho pa mndandanda wa zipangizo za akauntiyo. Google ndi Apple ali ndi njira yofufutira foni uli kutali, koma imagwira ntchito pokhapokha foniyo italumikizidwanso ku intaneti, ndiye asauze mphunzitsi kuti zonse zafufutika pamene wangotumiza lamulo lofufuta.

Kufufuta kwa kumapeto kwa semesita kulinso ndi masitepe ake, chifukwa kudina Delete kamodzi sikuchotsa fayilo. Mu Google Drive imapita mu Trash n'kukhalamo masiku 30, ndipo nthawi yonseyo ingabwezeretsedwe, pokhapokha munthu atalowamo n'kusankha Delete forever. Pa laputopu ya Windows imadikira mu Recycle Bin mpaka binilo litakhuthulidwa. Voice Memos ili ndi foda ya Recently Deleted, ndipo mapulogalamu ambiri ojambulira a pa Android ali ndi bini lawolawo. Mtsikana wathu ayende malo onsewa limodzilimodzi, kenako alembe `.m4a` pa malo ofufuzira a laputopu ndi a foni kuti aone ngati pali kope limene lidasochera mu Downloads. Akatsimikiza, atsegule imelo yoyamba ija, ayankhe pansi pake kuti zotsatira zatuluka, mafayilo onse 28 afufutidwa pa laputopu ndi mu Google Drive pa tsiku lakutilakuti, ndipo chimene watsala nacho ndi manotsi ake olemba.